Mzere umodzi wa mufayilo: vuto, gwero lake ndi umboni

Tiyerekeze dalaivala wa minibasi wa zaka 45 amene anamupeza ndi matenda a shuga chaka chatha. Mankhwala akumwa ndithu, koma akamuyeza mmamawa asanadye kanthu makina akuonetsa 190 mg/dL, pamene odwala ambiri amauzidwa kuti asamapitirire 130. Dokotala wamutumiza kwa katswiri wa kadyedwe. Akambirana kwa theka la ola, ndipo pomaliza katswiriyo ayenera kulemba chiganizo chimodzi chonena chomwe wapeza. Malangizo onse amene bamboyu apite nawo kunyumba achokera m'chiganizo chimenechi. Chikapotoka, malangizonso apotoka.

Kalembedwe kake kanachokera ku Amereka. Mu 2003 bungwe la akatswiri a kadyedwe la kumeneko, lomwe lero limatchedwa Academy of Nutrition and Dietetics, linakhazikitsa ndondomeko ya magawo anayi: kufufuza, kutchula vuto, kuchitapo kanthu, ndi kulondoloza ngati zinthu zikusintha. Gawo lachiwirilo ndi lomwe tikukamba pano. Popeza mafayilo a m'zipatala zathu amalembedwa m'Chingerezi, mzerewo umaoneka chonchi:

```
Problem related to Etiology as evidenced by Signs/Symptoms
```

Zilembo zoyamba za mawu atatuwo n'zimene zinabala dzina loti PES. M'Chichewa tinganene kuti: vuto lakuti, lobwera chifukwa chakuti, monga zikuonekera pa zakutizakuti. Kuloweza n'kosavuta. Kudzaza mipata itatuyo moona mtima n'kumene kumagwetsa anthu, ngakhale amene atha zaka pantchito.

Wophunzira amene wangoyamba kumene, akamva nkhani ya dalaivala uja, dzanja limathamangira kulemba kuti vuto ndi matenda a shuga. Kumeneko n'kubwereza zomwe dokotala analemba kale. Shuga ndi dzina la matenda, ndipo munthuyo akhala nawo moyo wake wonse; katswiri wa kadyedwe sangawachotse. Mpata woyambawo umafuna vuto la kadyedwe, loti likhoza kutha kapena kuchepa mwezi wamawa munthu akasintha kanthu. Mayina a mavutowa sapekedwa. Alipo pamndandanda wogwirizana, wa magulu atatu akuluakulu: za kuchuluka kapena kuchepa kwa zomwe munthu akudya, za m'thupi monga kuvutika kumeza kapena kutsika kwa sikelo, ndi za khalidwe, chidziwitso kapena malo amene munthu akukhala. Mavuto awiri akafanana mphamvu, ophunzitsa amalangiza kusankha la gulu loyambalo, chifukwa mbale ndi kapu ndiwo malo amene katswiriyu ali ndi mawu.

Ndiye tiyeni tione kapu ya bamboyu. Atafunsidwa zomwe anadya ndi kumwa dzulo lonse, kuyambira podzuka mpaka pogona, wanena kuti amamwa tiyi katatu, ndipo kapu iliyonse amathira masupuni anayi a shuga. Masupuni 12 amenewo ndi magalamu pafupifupi 48, powerengera magalamu anayi pa supuni yaing'ono. Masana amamwa mabotolo awiri a zoziziritsa kukhosi a mamililita 300, lililonse la shuga wa magalamu cha m'ma 30. Zonse pamodzi zikupitirira magalamu 100 patsiku, osawerengera mandasi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti shuga wothira wotereyu asafike gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zomwe munthu amapeza m'chakudya, ndipo kwa munthu wamkulu wamba amenewo ndi magalamu 50 okha. Vuto lapezeka: akumwa shuga wopitirira muyeso.

Mpata wachiwiri, wa gwero, ndi umene ine ndimati umasiyanitsa wolemba wabwino ndi wongodzaza fomu. Njira yachidule imene ambiri amadutsa ndi kulemba kuti "chifukwa cha matenda a shuga." Koma matendawo sathira shuga m'kapu. Njira ina yachidule, yofala kuposa yoyambayo, ndi kulemba kuti "chifukwa chosadziwa za kadyedwe koyenera." Mawu amenewa amakoma kulemba poti mankhwala ake ali pafupi: kumuphunzitsa munthu magulu asanu ndi limodzi a zakudya, kumupatsa kapepala, n'kutsanzikana. Nanga ngati akudziwa kale?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Katswiri wodekha amafunsanso. "Bambo, za shuga wa mu tiyi munamvapo?" Iwo n'kuyankha kuti anamva kalekale, anamwino amanena mwezi uliwonse, ndipo kunyumba mayi amawabisira chitini. "Nanga masana mumadya chiyani?" Apa mpamene nkhani imatuluka. Amanyamuka kusanache, wopanda kanthu m'mimba. Minibasi ikadzaza pasiteji sangaime kuti adikire nsima, ndipo chomwe chimafika pawindo ndi botolo ndi mandasi. Chakudya chenicheni amachiona usiku. Shugayo akuphera njala. Gwero ndi kusowa chakudya choyenera pa nthawi ya ntchito, ndipo mzere wonse ukhoza kulembedwa motere: kumwa shuga wopitirira muyeso, chifukwa chosowa chakudya choyenera pamene ali pamsewu kuyambira mbandakucha mpaka madzulo, monga zikuonekera pa masupuni 12 a shuga mu tiyi ndi mabotolo awiri a zakumwa zotsekemera patsiku, komanso shuga wa m'magazi wa 190 mg/dL asanadye.

Onani mmene malangizo asinthira. Pakanalembedwa "kusadziwa," bamboyu akanalalikiridwa ulaliki womwe anaumva kakhumi. Tsopano zokambirana ndi zoti anyamule chiyani pochoka kunyumba: mtedza wokazinga, dzira lowiritsa, kachidutswa ka mbatata yophika, botolo la madzi, komanso kuti adyeko kanthu asanadzutse galimoto, makamaka poti akumwa mankhwala otsitsa shuga. Lamulo lake ndi lakuti chithandizo chimaloza gwero. Choncho mukalemba gwero, dzifunseni ngati pali chomwe mungachitepo. Nthawi zina palibe. Munthu amene sitiroko yamulepheretsa kumeza bwino, katswiri wa kadyedwe sangabweze mitsempha yake. Pamenepo ntchito imasanduka yochepetsa zotsatira zake, monga kufewetsa chakudya n'kuchilemeretsa kuti thupi lisapitirire kutha. Koma zotere zizikhala zosankha mwadala, wolemba atafufuza n'kupeza kuti gwero lina kulibe.

Pali kenanso kokhudza gwero komwe kamandinyansa ndikakaona: mawu onyoza. "Chifukwa cha ulesi," "chifukwa chosamva malangizo." Fayilo imawerengedwa ndi anthu ambiri, ndipo wotsatira aliyense amamulandira wodwalayo ataweruzidwa kale. Komanso mawu oti "samva" safotokoza kanthu. Samva chifukwa ndalama palibe, chifukwa wophika ndi wina, kapena chifukwa sakhulupirira kuti tiyi angavulaze munthu? Zitatuzi chilichonse chili ndi njira yakeyake.

Mpata wachitatu ndi wa umboni. Muli zomwe zayezedwa, monga sikelo, magazi ndi lamba woyezera mkono, komanso zomwe wodwala wanena yekha, monga kusowa chilakolako cha chakudya kapena kupweteka pomeza. Cholakwa chofala ndi kulemba mawu opanda muyeso: "amadya moipa," "waonda," "shuga ndi wokwera." Bamboyu akadzabwera pakatha milungu inayi, mwina adzapeza katswiri wina. Winayo akawerenga "amamwa shuga wambiri" sangadziwe ngati pali kusintha. Akawerenga masupuni 12 ndi mabotolo awiri, amangofunsa funso lomwelo, n'kumva kuti tsopano ndi masupuni atatu ndipo botolo ndi la Loweruka lokha. Vutolo likhoza kulembedwa kuti likutha, ngakhale matenda a shuga akadalipo. Umboni wa lero ndiwo muyeso wa mawa, n'chifukwa chake uyenera kukhala ndi nambala ndi nthawi.

Umboniwo uzigwirizananso ndi vuto lomwe latchulidwa. Kuthamanga kwa magazi kwa bamboyu kungakhale kokwera, koma sikutsimikiza kuti amamwa shuga wambiri, ndiye kulibe malo mumzerewu. Ngati amathiranso mchere wambiri, limenelo ndi vuto lina lofuna mzere wake. Kuphatikiza shuga, mchere ndi kunenepa m'chiganizo chimodzi kumabala mtolo woti palibe angausenze. Ndi bwino kutenga limodzi kapena awiri ofulumira, enawo adikire ulendo wina.

Chosokoneza china ndi kusinthanitsa gwero ndi umboni, ndipo chimaoneka kwambiri pa ana. Taganizani za mwana wa miyezi 14 amene lamba wa pamkono waonetsa masentimita 12.0. Pa ana a miyezi 6 mpaka 59, muyeso wochepera 11.5 umasonyeza kunyentchera koopsa, ndipo kuyambira 11.5 mpaka kuchepera 12.5 ndi kunyentchera kwapakatikati. Wina amalemba kuti mwanayu sakudya mokwanira "chifukwa choonda." Zatembenuzika. Kuondako ndi chotsatira, malo ake ndi kumapeto kwa mzere. Gwero lipezeka pofunsa mayi ake: mwina phala ndi la ufa woyera lamadzimadzi, lopanda nsinjiro, loperekedwa kawiri kokha chifukwa mayi amakhala kumunda tsiku lonse ndipo wolera ndi mwana mnzake. Wina amazungulira pamalo amodzi: "sakudya mokwanira chifukwa amadya pang'ono." Pamenepo gwero langovala malaya a vuto.

Njira yosavuta yogwirira zolakwa zonsezi ndi kuwerenga mzerewo chobwerera, mokweza. Yambani ndi umboni: kodi masupuni ndi mabotolo awa akutsimikizadi kuti shuga wachuluka? Inde. Kenako gwero: bamboyu atapeza chakudya pamsewu, kodi shugayo angachepe? Zikuoneka choncho. Pomaliza vuto: kodi ndi loti katswiri wa kadyedwe angalithetse kapena kulichepetsa? Funso limodzi likakanika kuyankhika, kawirikawiri cholakwika sichikhala pa cholembera. Chimakhala chakuti kufufuza kunathamangitsidwa, ndipo mpofunika kubwerera kwa wodwala kukafunsanso. Zimachitikanso kuti munthu wafufuzidwa bwinobwino ndipo vuto la kadyedwe palibe. Ndondomekoyi imalola kulemba zomwezo, m'malo mopeka vuto kuti fomu idzaze.

Inu amene mumapita ndi kabuku kanu kuchipatala, mukadzakumana ndi katswiri wa kadyedwe musadzachite manyazi kunena masupuni enieni, ndi chifukwa chenicheni chomwe mumadyera mmene mumadyeramo. Ndipo musanatuluke, mufunseni kuti, "Mwalemba kuti vuto langa likuchokera pati?" Akatchula gwero lomwe inu simukulizindikira, muuzeni pomwepo akonze.