Dola ya pa foni ikatsika kufika pa masenti 87

Lachisanu pa 10 Malichi 2023, akuluakulu oyang'anira mabanki ku California m'dziko la America anatseka Silicon Valley Bank. Usiku wa tsiku lomwelo, kampani ya Circle, yomwe imatulutsa ndalama ya kiriputo yotchedwa USDC, inaulula kuti madola 3.3 biliyoni mwa madola pafupifupi 40 biliyoni amene inkasunga ngati chikole anatsekeredwa m'bankimo. Pofika Loweruka, USDC imodzi, yomwe anthu anazolowera kuti ndi dola yathunthu, inkagulitsidwa pa masenti 87.

USDC ili m'gulu la ndalama zomwe amati sitebokoini. Zinapangidwa kuti mtengo wake usamayendeyende ngati wa Bitcoin, koma uzikhala pa dola imodzi nthawi zonse. Ili ngati lisiti ya thumba la chimanga lomwe mwasungitsa kwa wina: anthu amailandira pa mtengo wa thumba chifukwa akukhulupirira kuti akapita nayo kunkhokwe akapatsidwa thumbalo. Mtengo umamangiririka ku dola chifukwa cha amalonda akuluakulu omwe ali ndi chilolezo chowombola ku Circle. USDC ikatsika kufika pa masenti 99, iwo amaigula, n'kukaiwombola pa dola yathunthu, n'kudyapo senti imodzi. Kugula kwawoko ndi kumene kumabwezera mtengo pamalo pake. Kumapeto a sabata imeneyo mabanki anali otseka, Coinbase inaimitsa kusintha USDC kukhala madola mpaka Lolemba, ndipo njira yowombolera inatsekeka. Aliyense wamantha anatsala ndi khomo limodzi, la kumsika.

Munthu akaona zotere amathamangira ku tchati, ndipo apa m'pamene ambiri amasokera. Choyamba kuona ndi dzina lomwe lalembedwa pamwamba pake. Tchati cha USDC/USDT sichiyeza USDC ndi dola yeniyeni, chimaiyeza ndi sitebokoini inzake. Loweruka lija anthu ankathawira ku USDT mpaka inakwera kupitirira dola, choncho tchati chimenecho chinkaonetsa kugwa kokulirapo kuposa cha USDC/USD. Kwa amene amagula ndi kugulitsa ndi makwacha pa msika wa P2P, nkhungu imachuluka koposa, chifukwa mtengo wa m'makwacha umasakaniza zinthu ziwiri, kuyenda kwa dola ndi kuyenda kwa sitebokoiniyo. Yang'anani mtengo wake m'madola, pa misika iwiri kapena itatu. Ngati watsika pa msika umodzi wokha, vuto ndi la msikawo. Ngati watsika paliponse, vuto lili pa ndalamayo.

Ndiyeno yang'anani manambala a m'mbali. Tchati cha sitebokoini chimadzikulitsa chokha kuti kusintha kwakung'ono kuoneke, moti kutsika kuchoka pa 1.000 kufika pa 0.998 kumaoneka ngati phompho. Kumeneko n'kugwedera kwa masiku onse. Kufika pa 0.97 n'kukhala pomwepo maola angapo, imeneyo ndi nkhani ina.

Pa tchati cha makandulo, kandulo iliyonse imaimira nthawi yomwe mwasankha, mwachitsanzo ola limodzi mukadina 1H. Thupi lake limasonyeza pomwe mtengo unayambira ndi pomwe unathera mu olalo, pamene kachingwe kopyapyala ka m'munsi kamasonyeza pomwe unakagunda pansi. Kachingwe katali kokhala ndi thupi lomwe labwerera kumtunda kamatanthauza kuti wina anagulitsa zambiri nthawi imodzi, ogula n'kuzitola msanga. Choopsa ndi makandulo otsatizana omwe akuthera pansi, makamaka ngati timizati ta Volume m'munsi mwa tchati tikutalika, kusonyeza kuti ogulitsa akuchuluka. Ndipo mtengo ukayamba kukwera, onani ngati ukupitirira pomwe unalekezera ulendo wapitawo. Ukakwera kufika 0.95, n'kugwa, n'kukweranso kungofika 0.90, ndiye kuti ogula akutha mphamvu.

Komabe ine ndikuti tchati chimangokuuzani kukula kwa mantha, sichikuuzani zomwe zili m'nkhokwe. Mtengo wa masenti 88 ungakhale mwayi kapena manda, ndipo mzere wake umaoneka chimodzimodzi. Chosiyanitsa ndi funso ili: zinthu zikaipiratu, chotsala kumbuyo kwa ndalama iliyonse n'chiyani?

Tiyerekeze kuti Loweruka limenelo muli ndi USDC 1,000 ndipo mtengo uli pa 0.88. Mukagulitsa mupeza madola 880, mwina ochepera pamenepo mukachotsa zolipira komanso kudula kwa USDT yomwe mukugula. Tsopano werengerani bowo. Madola 3.3 biliyoni pa 40 biliyoni ndi masenti 8 ndi pang'ono pa dola iliyonse. Ngakhale ndalama zonse za ku Silicon Valley Bank zikanapsa osatsalako n'kamodzi komwe, USDC iliyonse ikanakhalabe ndi chikole cha masenti pafupifupi 92, ndipo chochuluka cha chikolecho chinali m'zikalata za ngongole za boma la America za nthawi yochepa. Kupsa konseko kunalinso kokayikitsa, chifukwa banki ikagwa katundu wake amagulitsidwa ndipo osungitsa amabwezeredwako gawo. Ndiye kuti msika unkakupatsani madola 880 pa chinthu chomwe, powerengera moipitsitsa, chinali cha madola 920. Circle inalonjezanso Loweruka lomwelo kuti bowo likatsala idzalitseka ndi chuma cha kampani.

Masamuwa ali ndi pothera pake, ndipo ndi bwino kupadziwa. Masenti 92 aja amagwira ntchito ngati nonse mukugawana kutayako mofanana. Koma Lolemba khomo likatseguka, oyamba kuwombola amatenga dola yathunthu, ndipo bowo limatsalira otsala. Theka la USDC likanawomboledwa pa mtengo wathunthu, madola 3.3 biliyoni aja akanagwera pa 20 biliyoni yotsalayo, kutanthauza masenti 16 ndi theka pa dola. Munthu wamba wa USDC 1,000 sakhala kutsogolo kwa mzere umenewo, chifukwa owombola mwachindunji ku Circle ndi makampani olembetsedwa. Panalinso mantha oti mabanki ena osunga chikolecho agwa, ndipo sanali mantha achabe, poti Signature Bank inatsekedwa Lamlungu pa 12 Malichi. N'chifukwa chake sindingamunyoze amene anagulitsa gawo la ndalama zake tsiku limenelo, makamaka ngati zinali za fizi kapena zolipira katundu Lolemba.

Madzulo a Lamlungu lomwelo, unduna wa zachuma wa America, banki yaikulu ya dzikolo ndi bungwe la FDIC analengeza limodzi kuti osungitsa onse a Silicon Valley Bank adzapeza ndalama zawo zonse, ngakhale zopitirira malire a inshuwalansi a madola 250,000. Pofika Lolemba USDC inali itabwerera pafupi ndi dola. Wogulitsa pa 0.88 anataya madola 120, wodikira sanataye kanthu. Koma tinene zoona, chigamulo cha boma chija palibe amene akanachilumbirira Loweruka. Wodikira anachita bwino chifukwa pansi pomwe akanagwera panali pafupi, osati chifukwa ankadziwa zam'tsogolo.

Tsopano tengani nzeru yomweyo ya kudikira, muiike pa UST ya Terra mu Meyi 2022, muone mmene imaphera. UST inalibe madola ku banki. Inkadalira lonjezo lakuti UST imodzi mukhoza kuisintha ndi ndalama ina ya pa netiweki yomweyo, LUNA, yokwana dola imodzi. Ambiri ankaisunga chifukwa cha Anchor, komwe ankalandira chiwongoladzanja cha pafupifupi 20 peresenti pachaka. Pa 9 Meyi UST inagwa kufika m'masenti 60 ndi kanthu, ndipo tsiku lotsatira inakwera kuyandikira masenti 90. Oyang'ana tchati chokha anati yachira. Koma aliyense wothawa UST ankachititsa kuti LUNA yatsopano ipangidwe, LUNA ikachuluka mtengo wake unkagwa, ndipo ikagwa pankafunika LUNA yochulukirapo kuti ikwane dola. M'masiku ochepa LUNA inachoka pa madola pafupifupi 80 kufika pansi pa senti imodzi, ndipo chiwerengero chake chinafufuma kuchoka pa mamiliyoni mazana angapo kupitirira 6 thiriliyoni. Bitcoin pafupifupi 80,000 yomwe inasungidwa kuti iteteze mtengo inatha pafupifupi yonse. Wa UST 1,000 amene anagulitsa pa 0.90 anataya madola 100 n'kupulumutsa 900. Wodikira anatsala ndi timasenti pa UST iliyonse. Tchati choyenera kuyang'ana sabata imeneyo chinali cha LUNA, osati cha UST, chifukwa ndicho chinali chikolecho.

Chikole chimathanso kukhala sitebokoini ina. DAI inatsika limodzi ndi USDC mu Malichi 2023 chifukwa gawo lalikulu la chikole chake linali USDC yomweyo, moti wothawira kumeneko sanathawe kanthu.

Mukasankha kutuluka, katulukidwe kake nakonso kali ndi mbuna. Nthawi ya chipwirikiti ogula amachepa, ndipo kudina Market kumagulitsa pa mtengo uliwonse umene ulipo. Gwiritsani Limit, mulembe nokha mtengo wotsikitsitsa umene mungalole. Pa misika yopanda mwini, onani Slippage ndi chiwerengero chomwe mulandire musanavomereze, ndipo yesani kaye ndi ndalama zochepa. Ngati munakongola poika sitebokoiniyo ngati chikole, yambani ndi ngongoleyo, chifukwa makina akhoza kugulitsa chikole chanu pansi penipeni ngakhale mtengo utadzabwerera mawa. Masiku oterewa ndi amenenso akuba amatumiza mauthenga olonjeza kukuwombolerani pa dola yathunthu. Wokufunsani mawu achinsinsi a waleti yanu ndi wakuba, kaya wavala dzina la kampani iti.

Ambiri kuno anayamba kusunga USDT kapena USDC pothawa kugwa kwa kwacha, monga kuja kwa 44 peresenti mu Novembala 2023. Chifukwa chake n'chomveka, koma sitebokoini si ndalama yosungitsa ku banki, ndipo ikagwa palibe ofesi ya kuno yomwe ingakubwezereni. Choncho lero, mtengo udakali pa dola, fufuzani amene amatulutsa ndalama yomwe mwasunga, chikole chake ndi malo amene chili, muwerenge lipoti lake laposachedwa, ndipo mulembe papepala mtengo umene mudzagulitsire gawo loyamba. Ngati mwafufuza koma simukutha kufotokoza m'mawu anu chomwe chili kumbuyo kwake, musadikire kuti ifike pa masenti 90. Ichotseni idakali dola.