Nyumba ya ku Chama pa kamera ya kutentha: yambani ndi manambala

Mu minibasi za ku Matero, Chawama ndi Mtendere muli anthu ambiri amene akhala pa lendi muno mu Lusaka, koma ndalama yawo ikumanga kumudzi. Kwa amene kwawo ndi ku Chama, ulendo wokaona nyumba ndi wautali: Chipata, Lundazi, ndiye pofika. Motero nyumba imamangidwa pa foni. Womanga atumiza cithunzi, inu mutumiza ndalama.

Manje kwabwera mtundu wina wa cithunzi, ca mitundu yofiira, yacikasu ndi yabuluu. Cimajambulidwa ndi kamera yoona kutentha, ndipo ena mwa makamerawa, monga FLIR One, ndi tating'ono tolumikiza ku foni. Cithunzi cotere cingakuonetseni cinyezi cimene penti wabisa, koma cingakulipiritseninso nchito yosafunika ngati simudziwa kuciwerenga.

Kamerayi siona mkati mwa khoma, olo wina akuuzeni bwanji. Imangoyeza kutentha kocokera pamwamba pa cinthu, kenaka n'kupaka mitundu. Mitunduyo imasintha yokha pa cithunzi ciliconse: malo otentha koposa apatsidwa zoyera kapena zofiira, ozizira koposa apatsidwa zabuluu kapena zakuda, ngakhale kusiyana kwake kukhale digiri imodzi cabe. Ndiye cinthu coyamba kuyang'ana ndi kamzere ka m'mbali kokhala ndi manambala awiri. Cithunzi cimene manambala ake adulidwa, cibwezeni kwa amene watumiza.

Tiyerekeze nyumba ya zipinda zitatu ku boma la Chama, ya njerwa zootcha, pulasitala, malata ndi siling'i. Mwini wake ali ku Lusaka ndipo walandira zithunzi zitatu.

Coyamba ndi khoma la m'cipinda cogona, cojambulidwa m'kati m'mawa, mwezi wa Meyi mvula itasiya. Manambala ayambira 23 kufika 26. Pansi pa khoma pali lamba wabuluu wofika m'mawondo, ndipo m'mphepete mwake mwa pamwamba ndi mokhotakhota ngati mapiri a patali. Madigiri atatu amveka ocepa, koma pa khoma limodzi la m'cipinda cimodzi ndi nkhani. Khoma lonyowa limazizira cifukwa madzi akamauma amatenga kutentha, monga mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa.

Maonekedwe a banga ndiwo amakuuzani kumene madziwo acokera. Lamba woyambira pansi, woyenda khoma lonse, kawirikawiri osapitirira mita imodzi, ndi madzi okwera kucokera m'nthaka. Apa funso kwa womanga ndi lakuti: kodi pulasitiki yakuda ija yotsekereza cinyezi munaiyala pamwamba pa maziko? Ngati inayalidwa, onani ngati dothi la panja kapena pulasitala sizinakwere kuipitirira, cifukwa madzi amalambalala pomwepo. Ku Chama, dziko la m'cigwa ca Luangwa kumene mpunga umakula bwino m'madambo, puloti ya pansi imasunga madzi nthawi yaitali. Banga locokera pamwamba n'kutsika ngati lilime ndi denga lodontha kapena madzi olowera pa windo. Banga lozungulira pakati pa khoma la ku bafa, ganizirani paipi.

Kusiyanitsa kumeneku ndiye ndalama. Cinyezi cokwera sicitha ndi penti. Pakapita mvula imodzi pentiyo amatupa n'kugwa pamodzi ndi mcere woyera. Mankhwala ake amayambira panja: kutsitsa dothi, kukumba ngalande, kuika simenti yozungulira nyumba yopendekera kutali ndi khoma.

Koma si buluu aliyense amene ndi madzi. Pakona, kumbuyo kwa wadiropu ndi pansi pa citseko pamene mphepo ilowera pamazizira popanda dontho. Mphepo imasiya timizere tonga nthenga, osati lamba. Musanatumize ndalama, pemphani kuti malowo ayezedwe ndi kacipangizo koyezera cinyezi. Ngati kalibe, amate pepala la pulasitiki pakhomapo ndi tepi mbali zonse zinai, alisiye masiku awiri. Madontho akaoneka kumbali yoyang'ana khoma, madzi ali m'njerwa. Dziwaninso kuti pakati pa dzinja, mpweya ukakhala wa cinyezi, khoma siliuma msanga, ndipo kamera ingaonetse khoma lonyowa ngati labwinobwino.

Cithunzi caciwiri ndi ca siling'i ya pa sitingirumu, Okutobala, 14 koloko. Manambala ayambira 34 kufika 44. Mabuku ambiri a nchitoyi amalembedwa ku maiko ozizira, kumene vuto ndi kutentha kothawa m'nyumba nthawi ya cisanu. Ku Chama vuto latembenuka: kutentha kumalowa. Koma kawerengedwe ndi komweko. Pa cithunzi pali mabokosi awiri owala a makona anai, pamene siling'i ina yonse ili yoderako. M'mphepete mowongoka conco si nchito ya madzi. Madzi sadziwa sikweya. Apo ndi pamene cofunda cotsekereza kutentha sicinayalidwe pakati pa mitengo, kapena wa magetsi anacisuntha pokoka waya n'kuiwala kubwezera. Ngati munalipira mipukutu yokwana denga lonse, cithunzici ndi lisiti yanu.

Siling'i ikakhala yowala yonse, ndipo timizere toderako tokha ndito tikuoneka pamene padutsa mitengo, ndiye kuti cofunda mulibiretu.

Kuti izi zioneke bwino pamafunika kusiyana kwa madigiri pafupifupi 10 pakati pa mbali ziwiri za cimene mukujambula. Pansi pa malata masana a Okutobala kusiyanako kumapitirira apo popanda kucita ciliconse. Muno mu Lusaka, a pa lendi angayese mu Juni kapena Julayi m'mamawa, cipinda citafundidwa ndi hita, mawindo otseka. Pamenepo mitundu imatembenuka: malo opanda cofunda amaoneka ozizira mukajambula m'kati. Koma osafunditsa cipinda cotseka ndi mbaula, utsi wa makala umapha.

Cithunzi cacitatu ndico cimanamiza ambiri. Ndi denga lojambulidwa panja usiku, ndipo malata atsopano aoneka akuda bii, nambala yake yotsika kwambiri kuposa ya khoma. Womanga anganene kuti, "Mwaona bwana, denga lanu ndi lozizira." Ai. Citsulo conyezimira cimatulutsa kutentha kwake pang'ono cabe, ndipo kwa kamera cili ngati kalilole. Cimene mukuona ndi thambo la usiku, limene kwa kamerayi ndi lozizira koopsa. Njerwa, pulasitala ndi penti zimawerengeka bwino. Malata owala ndi pepala lonyezimira la pansi pa denga, ai. Galasi la windo nalo silionetsa za m'kati, mumangodziona nokha mutagwira foni. Akatswiri amamata kacidutswa ka tepi yakuda ya magetsi pa citsulo, kudikira mphindi zingapo, n'kuyeza pa tepipo.

Dzuwa nalo limasokoneza. Khoma la kumadzulo limasunga moto mpaka usiku, ndipo pamene panali mthunzi wa mtengo wa mango pamatsala banga lozizira looneka ngati cinyezi. Zithunzi za panja zijambulidwe m'mamawa dzuwa lisanatuluke, kopanda mphepo yamphamvu, khoma lisananyowe ndi mvula.

Conco mukamalembera amene ali ku Chama, muuzeni atumize cithunzi ca kutentha pamodzi ndi cithunzi wamba ca malo omwewo, manambala a m'mbali osadula, ndipo alembe tsiku, nthawi ndi mbali imene khomalo layang'ana. Banga likakukayikitsani, alijambulenso mawa pa nthawi ina. La dzuwa lidzakhala litasuntha kapena kutha, la madzi mudzalipeza pomwepo.