Foni ikutentha, moto ukutha msanga: vuto lingakhale la gemu, osati batire

Foni ikayamba kutentha m'manja, moto n'kumatha dzuwa lisanapendeke, ambiri amathamangira kumsika kukagula batire yatsopano. Komatu nthawi zina batire imakhala ilibe mlandu. Wolakwa amakhala gemu kapena pulogalamu imene ikugwiritsa foni ntchito yosafunika, kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zoima zosinthana mofulumira. Mafoni ambiri amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi, ndipo ena atsopano amafika pa 90 kapena 120. Chithunzi chilichonse chisanatuluke, gemu imachita zinthu ziwiri. Choyamba, purosesa imawerengera zimene zasintha: chala chakhudza pati, chinthu chasunthira kuti. Kenako kachipangizo kojambula, kotchedwa GPU, kamajambula chithunzicho. Zikamaliza msanga, zipangizozi zimapuma podikira chithunzi chotsatira, ndipo kupuma kumeneku ndiye kumasunga moto.

Tiyerekeze gemu ya bawo ya pa foni. Wosewera wayang'anitsitsa mabowo 32 aja, akulingalira potapa nkhomo, ndipo kwa mphindi yathunthu palibe chikusuntha. Ngati gemuyo inapangidwa kuti izijambula ka 60 pa sekondi mosapumira, pa mphindi imeneyi yajambula zithunzi 3,600 zofanana ndendende. Ikamajambula ka 120 pa sekondi, zithunzizo zikwana 7,200. Ngati pakona pali kawotchi, gemu imawerengeranso nthawi ka 60 pa sekondi chonsecho nambala imasintha kamodzi kokha. Zili ngati kusiya chigayo chikulira mulibe chimanga.

Kutenthako kumabwera chifukwa pafupifupi magetsi onse amene purosesa yadya amasanduka kutentha, ndipo mafoni ambiri alibe fani. Pa zithunzi 60, purosesa imakhala ndi mamilisekondi pafupifupi 16.7 okonzera chithunzi chimodzi; pa 120 imatsala ndi 8.3 okha. Kuti ikwanitse, imawonjezera liwiro, ndipo liwiro lalikulu limafuna mavoti ochuluka. Apa ndi pamene moto umathera, pakuti mavoti akakwera pang'ono, magetsi odyedwa amakwera kwambiri kuposa pamenepo.

Foni ikatenthetsa imadziteteza pochepetsa yokha liwiro la purosesa. N'chifukwa chake gemu imene inayamba bwino imafika pomadodoma mukasewera kwakanthawi, ndipo nthawi zina sikirini imazilala. Kutentha kumakalambitsanso batire ya lifiyamu msanga. Kampani ya Apple imalangiza kugwiritsa ntchito iPhone pamalo osapitirira madigiri 35, mlingo umene ku Nsanje ndi ku Chikwawa umapitiriridwa m'mwezi wa Okutobala.

Opanga magemu ali ndi njira yothetsera vutoli. Mu Unity, pulogalamu imene ambiri amapangira magemu a pa foni, akhoza kulemba motere pamene bawo langoti zii:

```
Application.targetFrameRate = 60;
UnityEngine.Rendering.OnDemandRendering.renderFrameInterval = 6;
```

Apa gemu imayang'anabe chala ka 60 pa sekondi, koma imajambula kamodzi pa maulendo 6 alionse, kutanthauza zithunzi 10. Pa mphindi ija zithunzi zimatsika kuchoka pa 3,600 kufika pa 600. Chala chikangokhudza sikirini, nambala 6 ija iyenera kubwerera pa 1 kuti nkhomo ziyende mosadodoma. Koma lamuloli limachepetsa kujambula kokha, kuwerengera kumapitirira. Choncho kawotchi kaja kayenera kulembedwa mwakuti kazidzuka kamodzi pa sekondi.

Pali msampha wina. Ngati wopanga anauza nkhomo kuti izisuntha mtunda wakutiwakuti pa ulendo uliwonse wa kuwerengera, ndiye n'kutsitsa `targetFrameRate` kufika pa 30, nkhomoyo iyenda ndi theka la liwiro lake. Kayendedwe kayenera kudalira nthawi yeniyeni imene yadutsa, imene Unity imapereka mu `Time.deltaTime`.

Mwini foni akhoza kudzifufuzira yekha. Tsekulani gemu, muisiye osaikhudza kwa mphindi 10 foni isali patchaja. Ikafunda kumbuyo, makamaka chakumtunda pafupi ndi kamera pamene purosesa imakonda kukhala, chonsecho pa sikirini palibe chikuyenda, gemuyo ikugwira ntchito yachabe. Onaninso mu `Settings`, pa `Battery`, kuti ndi pulogalamu iti yadya moto wambiri.

Mukaipeza, sankhani zithunzi 30 ngati gemuyo imalola. Pa mafoni a Samsung okhala ndi `Motion smoothness`, kusankha `Standard` kumaika sikirini pa 60. Musayembekezere kuti moto ukhala kawiri, chifukwa kuwala kwa sikirini ndi netiweki zimadyanso gawo lawo. Ndipo foni ikamatentha isakugwiritsidwa ntchito, kapena batire ikatupa, vutolo si la gemu ayi: lekani kuitchaja, mupite nayo kwa wokonza mafoni.