Avereji ya 70 imene imasanduka 52.5

Wophunzira amene akuona avereji yake pa foni pakati pa semesita nthawi zambiri amaikhulupirira. Komatu nambalayo imadalira chinthu chimodzi chosaonekera msanga: zimene zachitika ndi asayimenti imene iye sanapereke. Pali njira ziwiri. Mwina asayimentiyo imawerengedwa ngati ziro, kapena imasiyidwa ngati kuti sinaperekedwe n'komwe m'kalasi.

Tiyerekeze kuti mtsikana wina wa ku koleji anapatsidwa ma asayimenti anayi ofanana kulemera, iliyonse pa 100. Yoyamba anapeza 70, yachiwiri 80, yachitatu sanapereke, yachinayi 60. Malikisi ake onse pamodzi ndi 210. Tikaisiya yachitatuyo, tigawa 210 ndi 3, ndipo avereji ndi 70. Tikaiwerenga ngati ziro, malikisi akadali 210 omwewo koma tigawa ndi 4, ndipo tipeza 52.5. Chimene chasintha ndi nambala yogawira yokha, koma mtsikanayu watsika ndi 17.5. Ma asayimenti akakhala ochepa, ziro mmodzi amapweteka kwambiri: akanakhala 10, wopeza 70 pa iliyonse amene waphonya imodzi akanangotsika kufika pa 63.

Kusiyana kumeneku kumaluma pa mayeso otsiriza. Tinene kuti ntchito ya m'kati mwa semesita imatenga malikisi 40, mayeso amatenga 60, ndipo wokhoza ndi amene wafika pa 50. Mtsikana uja akaona 70, aganiza kuti ali kale ndi 28 mwa 40 aja, ndiye kuti kupeza 37 peresenti pa mayeso kumukwanira. Koma ngati aphunzitsi adzaika ziro potseka buku la malikisi, ali ndi 21 basi, ndipo akufunika 49 peresenti. Akalemba n'kupeza 40 peresenti, omwe ndi malikisi 24, iye awerengera 52 n'kumasangalala kuti wakhoza, pamene zotsatira zidzatuluka ndi 45. Chondiwawa pamenepa n'chakuti palibe amene anamunamiza mwadala, koma nthawi yoti akonze zinthu inadutsa iye akuyang'ana nambala yolakwika.

Makompyuta sakhala ndi mlandu, amangotsata zimene anauzidwa. Mu Excel, `=AVERAGE(B2:E2)` imadumpha bokosi lopanda kanthu koma imawerenga bokosi limene mwalembedwa 0, pamene `=SUM(B2:E2)/4` imagawa ndi 4 zivute zitani. Mu Moodle, pulogalamu imene makoleji ambiri amaikamo maphunziro ndi malikisi, muli pochonga polembedwa `Exclude empty grades`. Pakakhala pochongedwa, mipata yonse imasiyidwa powerenga avereji.

Wina anganene kuti kusiya mpata ndi chifundo. Ine sindikuvomereza, chifukwa chifundo chimenechi chimalanga amene anayesetsa. Mnzake wa mtsikana uja, amene anapezanso 70, 80 ndi 60 koma anachezera usiku kulemba yachitatu n'kupeza 40 yokha, avereji yake ndi 62.5. Wosapereka ali pa 70, wopereka ali pansi pake. Ophunzira akazindikira zimenezi, amayamba kudumpha dala asayimenti yovuta.

Komanso kuika ziro pa mpata uliwonse n'kulakwa kwina. Kumayambiriro kwa semesita, asayimenti imodzi yokha itachongedwa, wopeza 70 angaone 17.5, chifukwa zitatu zimene tsiku lake silinafike zawerengedwa ngati kuti wazilephera. Kholo likaona nambala yotere liyamba kukalipira mwana wosalakwa.

Vuto lenileni n'lakuti bokosi lopanda kanthu limabisa zifukwa zosiyana. Ntchito imene tsiku lake silinakwane, kapena imene aphunzitsi sanaichonge, iyenera kusiyidwa. Imene wophunzira anakhululukidwa chifukwa cha matenda kapena maliro iyeneranso kusiyidwa mpaka kumapeto, ngati malamulo a sukulu alola, ndipo ilembedwe chizindikiro chake kuti wina asadzaisokoneze ndi yophonya. Koma imene tsiku lake lapita ndipo palibe chifukwa chomveka, aphunzitsi alembepo 0 sabata yomweyo, osadikira kutha kwa semesita. Ziro ameneyu angathe kufufutidwa ntchito ikabwera mochedwa, ndipo amachenjeza munthu nthawi ikadalipo.

Wophunzira kapena kholo angathe kudziwa yekha njira imene yatsatidwa. Phatikizani malikisi onse amene akuoneka, mugawe ndi chiwerengero cha ma asayimenti ochongedwa okha, kenako mugawenso ndi chiwerengero cha onse amene tsiku lake linapita. Izi zimagwira ngati ma asayimenti ndi ofanana kulemera. Ngati ina imatenga malikisi ambiri kuposa inzake, kuiphonya kumatsitsa kwambiri kuposa pamenepa. Nambala ya pa foni ikafanana ndi yankho loyamba, mipata ikusiyidwa, ndipo ndi bwino kukafunsa aphunzitsi ngati idzasanduke ziro potseka buku. Mpaka atayankha, konzekerani mayeso ndi yankho lachiwiri.