Kufananiza Zithunzi za Mmera wa Chimanga Pofuna Kudziwa Munda Womwe Ukukula Bwino

Alangizi, alimi otsogola komanso magulu a alimi adziwe kuti zithunzi za mmera wa chimanga zomwe zimajambulidwa pa lamya za m'manja zingathandize kuzindikira munda womwe ukukula mwathanzi, pokhapokha ngati zajambulidwa mofanana ndi kuunikidwa mwadongosolo. Chithunzi chojambulidwa mwachisawawa chingachititse mlimi kuwononga feteleza pa munda womwe vuto lake ndi lina, kapenanso kuchititsa gulu kutengera ulimi womwe suli wabwino kwenikweni.

Mmera wofananizidwa ukhale wa msinkhu umodzi

Masiku a mmera amawerengedwa kuyambira tsiku lomwe chimanga chinamera, osati lomwe chinabzalidwa. Nyengo ikakhala yofunda, chimanga chimatulutsa tsamba latsopano pa masiku atatu kapena anayi aliwonse, kotero munda womwe unamera sabata imodzi patsogolo pa unzake umaoneka wamphamvu ngakhale chisamaliro chake chitakhala chochepa. Pa chifukwachi, chithunzi chilichonse chiyenera kutsagana ndi tsiku lomera, dzina la mbewu ndi tsiku lomwe feteleza wokulitsa anathiridwa. Dzina la mbewu ndi lofunika chifukwa mitundu ya chimanga imasiyana mwachibadwa pa kutalika ndi kubiriwira kwake.

Kajambulidwe koyenera

Lamya imasintha yokha kuwala ndi mtundu wa chithunzi, motero tsamba lomwelo lingaoneke lobiriwira kwambiri pa lamya ina koma lotumbuluka pa inzake. Ndi bwino kujambula minda yonse ndi lamya imodzi, tsiku limodzi, m'mawa dzuwa lisanakwere kapena kunja kukakhala mitambo. Dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula, chifukwa kuwala kodutsa m'tsamba kumalichititsa kuoneka lachikasu. Masana masamba amatha kupindika ndi kutentha, ndipo munda wabwinobwino ungaoneke ngati wofota.

Pambali pa mmera paimikidwe ndodo yolembedwa masentimita ndi pepala loyera lokhala ndi dzina la munda. Ndodoyo imapereka muyeso wa kutalika, pomwe pepalalo limaulula ngati chithunzi chada kapena chawala mopitirira muyeso. Pepala likaoneka lachikasu pa chithunzi, mtundu wa masamba usadaliridwe.

Mmera wojambulidwa usasankhidwe chifukwa chokongola. Wojambula apewe mizere ya m'mphepete, pachulu, pansi pa mtengo ndi pomwe panaunjikidwa manyowa. Alowe pakati pa munda, ayese mzere wa mamita 10 ndi kuujambula wonse, kenaka ajambule phando lachikhumi lililonse kawiri: cham'mbali kuti mmera uoneke kuyambira pa dothi, ndi cham'mwamba kuti m'kati mwa nsonga muoneke.

Zoyenera kuyang'ana pa zithunzi

Choyamba ndi kuchuluka ndi kufanana kwa mmera. Pa ulimi wa mbewu imodzi pa phando, mapando amatalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75, choncho mzere wa mamita 10 umakhala ndi mapando 40. Mipata yambiri imachepetsa zokolola, ndipo mmera wotsalira masamba awiri kumbuyo kwa unzake umaphimbidwa n'kudzabereka chisononkho chaching'ono.

Chachiwiri ndi chiwerengero cha masamba otambasuka ndi kunenepa kwa phesi. Tsamba lotambasuka ndi lomwe khosi lake, pamalo pomwe limapatukira ku phesi, likuoneka ndi mzere wotuwa. Chiwerengero chimenechi n'chodalirika kuposa kutalika, chifukwa mmera wothinana kapena wophimbidwa ndi udzu umatalika msanga polimbirana dzuwa koma phesi lake limakhala lowonda.

Chachitatu ndi mtundu wa masamba ndi malo omwe kusinthako kwayambira. Chikasu choyambira kunsonga kwa masamba a m'munsi, n'kutsata msempha wapakati mooneka ngati chilembo cha V, chimasonyeza kuperewera kwa nayitirojeni, chifukwa mmera umasamutsa mcherewu kuchoka ku masamba akale kupita ku atsopano. Chikasu chikakhala pa masamba atsopano pomwe a m'munsi ali obiriwira, kawirikawiri choperewera chimakhala salufa. Masamba a m'munsi ofiirira m'mphepete pa mmera wopinimbira amasonyeza kuperewera kwa fosifolasi, ngakhale mitundu ina ya chimanga imafiirira mwachibadwa. Timalo topyapyala toonekera mbali inayo, pamodzi ndi ndowe zonga utuchi m'kati mwa nsonga, ndi zizindikiro za mbozi za ntchemberezandonda.

Chitsanzo cha minda itatu

Gulu la alimi lingajambule minda itatu ya mbewu imodzi pa tsiku la 21 chimerereni. Pa munda woyamba, mmera ndi wotalika masentimita 45 kufika pomwe tsamba lapamwamba lapindikira, uli ndi masamba otambasuka 5, phesi ndi lowonda, m'mizere muli udzu, ndipo masamba a m'munsi ali ndi chikasu chonga V. Pa munda wachiwiri, mmera ndi wa masentimita 38, masamba otambasuka ndi 6, phesi ndi lonenepa, ndipo mapando 38 mwa 40 ali ndi mmera wofanana msinkhu. Pa munda wachitatu, masamba ndi obiriwira modera kuposa minda inayo, koma mmera ndi wa masentimita 25, masamba otambasuka ndi 4 okha, m'mphepete mwake ndi mofiirira, ndipo mapando 31 okha ndiwo ali ndi mmera.

Woyang'ana kutalika kokha angasankhe munda woyamba, ndipo woyang'ana kubiriwira kokha angasankhe wachitatu. Munda womwe ukukula bwino ndi wachiwiri, chifukwa uli patsogolo pa masamba, phesi ndi kufanana kwa mmera. Munda woyamba watalika chifukwa cholimbana ndi udzu ndipo wayamba kusowa nayitirojeni. Mwini wake apalire kaye, kenaka athire feteleza wobereketsa wa yureya, yemwe nthawi yake ndi masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Kuthira asanapalire n'kudyetsa udzu. Pa munda wachitatu, kubiriwira kodera pa mmera wopinimbira n'chizindikiro chomwe chimayendera limodzi ndi kuperewera kwa fosifolasi. Yureya sangathetse vutoli chifukwa alibe fosifolasi, motero mlangizi ayenera kufunsa ngati feteleza wokulitsa anathiridwa pa nthawi yake ndi kukaona mizu.

Zomwe chithunzi sichingaonetse

Chithunzi chimaonetsa chizindikiro, osati gwero lake. Mmera wa m'munda wodikha madzi umachita chikasu mofanana ndi wosowa feteleza chifukwa mizu yake imalephera kupuma. Chidikha, mbozi zodya mizu ndi kaufiti yemwe sanatulukire pamwamba zimapinimbiritsanso chimanga popanda kuoneka pa chithunzi. Kudziwa zimenezi kumafuna kukumba mmera umodzi kapena iwiri ndi kuona ngati mizu ili yoyera ndi yolowa pansi, kapena yoola, yodyedwa ndi yopindikira m'mbali.

Ndi koyeneranso kujambula mapando omwewo pakatha masiku asanu ndi awiri. Mmera wathanzi umakhala utawonjezera masamba pafupifupi awiri, pomwe wovutika umakhala utatsalira. Alimi akulangizidwa kuti asagule mankhwala kapena kuwonjezera feteleza potengera zithunzi zokha, koma azipereke kwa mlangizi wa m'dera lawo pamodzi ndi tsiku lomera, dzina la mbewu ndi feteleza yemwe anathiridwa, kuti mlangiziyo akayendere munda womwe ukukayikitsa.