Kugulitsa golide akadali pansi: momwe makampani a migodi amamangira mtengo, ndi zomwe zimachitikira masheya awo

Kampani yokumba golide imadziwa ndalama zomwe idzawononge chaka chamawa pa malipiro a antchito, magetsi, dizilo ndi ngongole za makina, koma siidziwa mtengo womwe idzagulitsire golide wakeyo. Mtengowo umakhazikitsidwa pa misika ya ku London ndi ku New York, m'madola a ku America pa aunsi imodzi, yomwe ndi magalamu 31.1. Pofuna kuchotsa nkhawa imeneyi, makampani ena amapangana ndi mabanki mtengo wa golide yemwe sanakumbidwe n'komwe. Mchitidwewu umatchedwa heji. Ukufanana ndi mlimi amene wagwirizana mtengo ndi wogula chimanga chikadali m'munda: mitengo ikagwa pokolola iye wapulumuka, ikakwera phindu lapita kwa wogulayo.

Njira yofala kwambiri ndi pangano la fowadi. Kampani imalonjeza kupereka maaunsi angapo pa tsiku loikika, pa mtengo wogwirizana lero. Banki yomwe yavomera kugulayo nayo siifuna kuika ndalama zake pa chiswe, choncho imabwereka golide wochuluka chimodzimodzi ku banki yaikulu ya dziko lina, n'kumugulitsa pompo pa msika, ndalamazo n'kuziika pomwe zizibereka chiwongola dzanja. Tsiku likakwana, kampani ya mgodi imabweretsa golide wake, ndipo banki imamutenga n'kukabweza komwe inabwereka. Mtengo wa pangano umachokera mu masamu amenewa. Tiyerekeze kuti golide ali pa madola 300, chiwongola dzanja cha dola ndi 6 peresenti pachaka, ndipo kubwereka golide kukudya 1 peresenti. Kusiyana kwake ndi 5 peresenti, ndiye kuti kampani ingathe kugulitsa golide wa chaka chamawa pa madola pafupifupi 315. M'zaka za m'ma 1990, pomwe mtengo wa golide unkangotsika koma chiwongola dzanja chili chokwera, zimenezi zinkaoneka ngati ndalama zaulere. Ngodya ina ya nkhaniyi inali yobisika: pangano lililonse lotere linkachititsa kuti golide wobwerekedwa agulitsidwe tsiku lomwelo, motero makampani ankathandizira kutsitsa mtengo womwe ankauthawawo.

Njira yachiwiri ndi ya maopushoni. Kampani imalipira kangachepe kuti ikhale ndi ufulu wogulitsa pa mtengo wakutiwakuti, koma siikakamizidwa kutero ngati msika wakwera. Imeneyi ndi inshuwalansi yeniyeni, ndipo vuto lake n'lakuti imadula. Pofuna kupewa kulipira, makampani ambiri amagulitsa kwa banki ufulu wina, woti bankiyo idzagule golide wawo pa mtengo wapamwambako. Ndalama za mbali ziwirizi zimafafanizana, kampani n'kutsala ndi mtengo wapansi wotsimikizika komanso denga lomwe singapyole.

Kuti munthu amvetse chomwe heji imachita pa masheya, ayenera kuyamba ndi chifukwa chomwe anthu amagulira masheya a migodi. Tiyerekeze mgodi womwe umawononga madola 250 kuti utulutse aunsi imodzi, golide ali pa madola 300. Phindu ndi madola 50. Golide akakwera ndi 10 peresenti kufika pa 330, phindu limafika pa madola 80, kukwera kwa 60 peresenti, chifukwa ndalama zokumbira sizinasinthe. Akatsika kufika pa 260, phindu limatsala madola 10 okha. Tsono mgodi womwewo ukagulitsiratu theka la golide wake pa 315, pa msika wa 330 udzalandira madola 322.50 pa aunsi, ndipo pa msika wa 260 udzalandira 287.50. Nsonga yadulidwa, dzenje nalo lakwiriridwa. Peter Tufano, yemwe panthawiyo ankaphunzitsa ku Harvard, anafufuza makampani a golide a ku North America, ndipo mu 1998 anafalitsa zoti golide akasuntha ndi 1 peresenti masheya a migodi amasuntha ndi pafupifupi 2 peresenti, komanso kuti makampani ochita heji amasuntha mocheperapo. Kwa banki yokongoza ndalama zotsegulira mgodi, bata limeneli ndi lomwe imafuna, ndipo kawirikawiri siipereka ngongole popanda heji. Koma munthu amene anagula masheya chifukwa akukhulupirira kuti golide akwera amaona kuti walandidwa chomwe anagulira.

Zonsezi zimayenda bwino malinga ngati kampani ingadikire mpaka tsiku lopereka golide. Nkhani ya Ashanti Goldfields ya ku Ghana ikusonyeza chomwe chimachitika kudikirako kukakanika. Kampaniyi, mwini wa mgodi wakale wa Obuasi, inkatsogozedwa ndi Sam Jonah, ndipo mu 1996 masheya ake anayamba kugulitsidwa pa msika wa ku New York. Inkagula migodi m'maiko ena a mu Africa ndi ndalama zangongole, ndipo inadziteteza ndi mapangano okhudza maaunsi pafupifupi 11 miliyoni, omwe ndi golide wa zaka zingapo. Poyamba maganizowa ankaoneka anzeru. Mu Meyi 1999 boma la Britain linalengeza kuti ligulitsa golide wake woposa theka, mtengo unagwa kufika cha m'ma 250, ndipo pakati pa chakacho mapangano a Ashanti anali ndi phindu la papepala la madola pafupifupi 290 miliyoni.

Pa 26 Seputembala 1999, mabanki akuluakulu 15 a ku Ulaya anagwirizana ku Washington kuti sadzagulitsa matani oposa 400 pachaka kwa zaka zisanu, ndiponso kuti sadzawonjezera golide wobwereketsa. Mfundo yachiwiriyi ndiyo inagwedeza msika, pakuti heji yonse inkadalira golide wobwereka. M'masabata awiri mtengo unachoka cha m'ma 260 n'kupyola 320. Kwa kampani yokumba golide umenewu unayenera kukhala uthenga wokoma, koma mapangano a Ashanti anatembenuka n'kusonyeza kuluza kwa madola pafupifupi 570 miliyoni.

Kuluza kwa papepala pakokha sikupha kampani. Golide analipobe pansi pa Obuasi, ndipo akanaperekedwa pa nthawi yake pa mitengo yomwe anagwirizana. Chomwe chinapweteka Ashanti ndi ndime ya chikole. Mapangano ake ankalola mabanki kuitanitsa ndalama zachikole kuluzako kukapyola malire ena, ndipo mabanki 17 anali ndi ufulu wofuna madola pafupifupi 270 miliyoni, ndalama zomwe kampaniyo inalibe m'manja. Miyala ya golide yomwe ili makilomita pansi pa nthaka siingasandutsidwe madola m'sabata imodzi. Kuwonjezera apo, mbali ina ya mapanganowo inali maopushoni ovuta kuwamvetsa, omwe kuluza kwawo kunkakula mofulumira kuposa kukwera kwa mtengo. Masheya a Ashanti anataya oposa theka la mtengo wawo m'masiku ochepa, pomwe masheya a makampani opanda heji ankakwera. Kampani ya Cambior ya ku Canada inagwa m'vuto lofanana nthawi yomweyo.

Mabanki anavomera kuimitsa kufuna chikole kwa zaka zingapo, koma osati kwaulere: anapatsidwa ufulu wodzatenga masheya okwana pafupifupi 15 peresenti ya kampaniyo, kutanthauza kuti gawo la eni masheya akale linachepa. Mu 2000 Ashanti inagulitsa kwa AngloGold ya ku South Africa theka la mgodi wa Geita ku Tanzania, womwe unali chiyembekezo chake chachikulu, ndipo mu 2004 makampani awiriwa anaphatikizana kukhala AngloGold Ashanti. Chiweruzo choyenera pa nkhaniyi n'chakuti kudziteteza pakokha sikunali kolakwika, poti kampani ya ngongole zambiri pa msika wotsika inkafunikadi chitetezo. Cholakwika chinali kusainira mapangano omwe akanatha kuitanitsa ndalama mwadzidzidzi, popanda ndalama zosunga zofanana ndi chiopsezocho.

Kampani ya Barrick ya ku Canada inkachita heji yaikulu kuposa ya Ashanti, koma inali ndi mphamvu yokambirana mapangano opanda chikole, omwe ankailolanso kukankhira mtsogolo tsiku lopereka golide. Inadutsa 1999 osagwedezeka. Mavuto ake anabwera mwapang'onopang'ono. Kuyambira 2001 golide anakwera chaka ndi chaka, ndipo ogula masheya ankachotsera pa mtengo wa Barrick kuluza komwe kunaunjikana m'mapanganowo. Newmont ya ku America inkadzigulitsa poyera monga kampani yosakonda heji. Panabweranso masheya atsopano oimira golide weniweni wosungidwa m'nkhokwe, omwe anafika pa msika wa New York mu 2004, motero wofuna golide wamba anali ndi kwina kopita, ndipo wogula masheya a mgodi ankafuna kukwera kowirikiza kuja basi. Mu Seputembala 2009, golide ali cha pa madola 1,000, Barrick inagulitsa masheya atsopano a madola pafupifupi 4 biliyoni kuti itseke mapangano ake, ndipo inalemba m'mabuku kuluza kwa madola oposa 5 biliyoni. AngloGold Ashanti inatseka ake mu Okutobala 2010. Potseka, makampani kapena mabanki awo ankayenera kugula golide pa msika, ndipo kugulako kunathandiza kukweza mtengo, monga momwe kugulitsa kwa m'ma 1990 kunathandizira kuutsitsa.

Ngozi ina imachokera pansi pa nthaka. Kampani ikalonjeza golide wochuluka kuposa yemwe ingakumbe, pangano limasiya kukhala chitetezo, chifukwa wotsalayo iyenera kukamugula pa mtengo wa msika. Sons of Gwalia ya ku Australia inagwa mu 2004 zitadziwika kuti golide wa m'migodi yake sakanakwanira kukwaniritsa zomwe inalonjeza.

Masiku ano makampani akuluakulu a golide amagulitsa wambiri pa mtengo wa tsikulo, ndipo heji imapezeka kwambiri pa migodi yatsopano yomangidwa ndi ngongole, kwa zaka zochepa zobwezera ngongoleyo. Wowerenga lipoti la pachaka la kampani yotere amayang'ana maaunsi omwe alonjezedwa chaka chilichonse n'kuwayerekeza ndi omwe mgodi umatulutsadi, kenako mtengo wa pangano n'kuuyerekeza ndi ndalama zokumbira komanso mtengo wa msika. Amafufuzanso ngati kampani inagula ufulu wogulitsa kapena inagulitsa kwa banki ufulu wogula, pakuti woyambawo uli ndi mtengo wodziwika pomwe wachiwiriwo kuluza kwake kumakula limodzi ndi golide. Funso la chikole limapezeka m'ndemanga za kumapeto kwa lipotilo, pomwe pamalembedwa ngati mabanki angaitanitse ndalama, pa malire ati, ndiponso m'masiku angati.