Nkhani Yaifupi ya Bambo Wofunafuna Ntchito

Nkhani yaifupi ya bambo amene wakhala miyezi akusakasaka ntchito imayenda bwino wolemba akaonetsa kudikira kudzera m'zochita. Bamboyo amadula zolengeza za ntchito m'nyuzipepala, amalemba m'kope tsiku lotsekera kulandira makalata, kenako amachonga malo amene sanamuyankhe.

Pachimake pamafika ntchito ziwiri: yaukalaliki m'boma, yamalipiro ochepa koma yokhazikika mpaka kupuma, ndi ya kontirakiti ya chaka chimodzi ku bungwe lina, yandalama zambiri koma kutali ndi banja. Mbali iliyonse iyenera kukhala ndi chomuluzitsa. Ina ikaposa inzake poyera, wowerenga amadziwiratu mathero. Chisankhocho chichokere pa zimene zaonekera kale, monga fizi ya mwana kapena ngongole ya lendi.